Malisiti asowa m'fayilo: kalembedwe kake m'lipoti la odita wa m'kati

Funso: "Ndine odita wa m'kati pa kopaletivi ya alimi kuno ku Thyolo, ntchitoyi ndayamba kumene. Ndaunika mavocha 60 a Januwale mpaka Malichi, a ndalama zokwana K21,400,000, ndipo 14 alibe malisiti. Ndalama za mavocha 14 amenewa ndi K3,850,000: ena ndi a maulendo a kwa alimi, ena a mafuta a galimoto, ena a katundu wogula kuhadiweya ku Luchenza. A manijala akungoti malisiti alipo, awapeza. Ine ndalemba kuti 'ndalama zasowa chifukwa cha kusasamala kwa akauntanti', koma mtima sukundikhazikika. Ndilembe bwanji, makamaka pa gwero la vuto, zotsatira zake ndi yankho la a manijala? Ndine mlongo wanu wa ku Bvumbwe."

Achemwali, mtima wanu ukukuuzani zoona. Chiganizo chimenecho chichotseni lipoti lisanatuluke mu ofesi yanu. Chikunena zinthu ziwiri zimene simunazione ndi maso. Simunaone ndalama zikusowa, chimene mwaona chikusowa ndi mapepala. Komanso simunapeze umboni woti a akauntanti ndi osasamala, mwangoganiza choncho. Tsiku la msonkhano wa bodi, a manijala akangotulutsa malisiti atatu okha m'chikwama, chiganizo chanu chagwa, ndipo anthu ayamba kukayikira lipoti lonse, ngakhale mbali zimene munalondola. Lembani ngati kalaliki wa pa sikelo ya tiyi: amalemba makilogalamu amene sikelo yaonetsa, za amene waakhulupirira kuti mlimi anathyola sizilowa m'buku.

Musanalembenso, pali ntchito ya masiku ochepa imene idzapatse mawu anu mphamvu. Lisiti ndi umboni umodzi chabe wa kuti ndalama zinagwira ntchito yake. Likasowa, funsani umboni wina pa vocha iliyonse payokha. Pa katundu wa kuhadiweya, onani buku la kusitolo ngati katunduyo analembedwa kuti walowa, pitani mukamuone ndi maso, ndipo lemberani mwini hadiweyayo kuti atsimikize tsiku ndi ndalama zimene analandira. Pa mafuta, tengani buku la maulendo a galimoto muyerekeze tsiku la vocha ndi makilomita amene anayenda. Pa maulendo a kwa alimi, funsani mndandanda wa amene anabwera ku msonkhano ndi lipoti la ulendowo, ndipo mutha kuimbira wapampando wa kalabu ya alimi kumene akuti anapitako. Ngati ena analipidwa pa Mpamba kapena Airtel Money, mbiri ya malipirowo ikuthandizani. Pempho lanu la malisiti lilembeni pa pepala, muikepo tsiku limene mwapempha ndi tsiku lomaliza kulandira, a akauntanti asayinire kuti alandira. Pempho la pakamwa limakanidwa mosavuta.

Poti sindinaone mafayilo anu, ndidzaza ndekha manambala otsalawo ngati chitsanzo, inu mudzaikemo enieni. Tiyerekeze kuti pa mavocha 14 aja, 6 ndi a maulendo (K1,920,000), 5 a mafuta (K1,150,000) ndipo 3 a kuhadiweya (K780,000). Mwafufuza, ndipo katundu yense wa kuhadiweya mwamupeza m'buku la kusitolo. Pa mafuta, atatu a K690,000 akugwirizana ndi buku la galimoto, koma awiri a K460,000 ali pa masiku amene bukulo silikuonetsa ulendo uliwonse. Pa maulendo, awiri a K640,000 ali ndi mindandanda ya alimi, anayi a K1,280,000 alibe kanthu. Apa nkhani yasintha. K2,110,000 ndi ndalama zopanda malisiti koma zokhala ndi umboni wina, pomwe K1,740,000 zilibe umboni wa mtundu uliwonse. A bodi ayenera kuona manambala awiriwa mosiyanitsa, chifukwa loyambalo ndi vuto la kasungidwe ka mapepala, lachiwirilo ndi limene lingafune kuti wina abweze ndalama.

Tsopano kalembedwe. Malamulo a ntchito yathu a pa dziko lonse, amene bungwe la maodita a m'kati la IIA linatulutsa mu 2024 n'kuyamba kugwira ntchito pa 9 Januwale 2025, amafuna kuti pa chimene mwapeza muonetse zimene zimayenera kuchitika, zimene zachitika, gwero la kusiyanako pamene latheka kupezeka, ndi zotsatira zake. Mutu ukhale wonena nkhani yonse mwachidule, popeza a bodi ena amangowerenga mitu yokha. "Malisiti" si mutu wokwanira. Lembani chonchi:

"Malipiro a K3,850,000 alibe malisiti, ndipo K1,740,000 mwa izo zilibe umboni wina uliwonse."

Kenako lamulo limene laphwanyidwa. Apa ambiri amalemba kuti "malinga ndi kayendetsedwe kabwino ka chuma", mawu amene sagwira munthu. Tsegulani buku la ndondomeko ya chuma la kopaletivi yanu, mutchule ndime yeniyeni ndi zimene ikunena. Ndikuchenjezeninso pa chinthu chimodzi: lamulo la kayendetsedwe ka chuma cha boma la 2022 ndi la ndalama za boma, monga za m'maunduna ndi m'makhonsolo. Musalikokere pa ndalama za alimi pofuna kuti lipoti limveke lolemera. Ngati ndalamazo ndi za bungwe lothandiza, tchulani ndime ya mgwirizano umene munasayinirana nalo. Chitsanzo:

"Ndime 6.4 ya ndondomeko ya chuma ya kopaletivi imati vocha iliyonse ikhale ndi lisiti lenileni la wogulitsa, ndipo wolandira ndalama za ulendo apereke malisiti ndi ndalama zotsala pasanathe masiku 7 atabwerako."

Mukapeza kuti buku lanu silinena chilichonse za masiku operekera malisiti, musapeke ndime. Lembani kuti ndondomeko ilibe malire a masiku, ndipo kusowa kwa malireko kudzalowe pa gwero la vuto.

Ndime ya zimene mwapeza ikhale youma, yodzaza ndi manambala ndi masiku, yopanda mawu oweruza munthu:

"Taunika mavocha 60 (K21,400,000) mwa mavocha 212 amene analipidwa kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Malichi. Tinasankha a ndalama zambiri ndi onse olipidwa ndi ndalama za m'manja. Mavocha 14, okwana K3,850,000, analibe malisiti m'fayilo. Tinapempha malisitiwa m'kalata ya pa 8 Epulo, ndipo pofika pa 22 Epulo sitinalandire ngakhale limodzi. Pa mavocha 8 (K2,110,000) tapeza umboni wina woti katundu analandiridwa kapena ulendo unachitika. Pa mavocha 6 (K1,740,000), anayi a maulendo ndi awiri a mafuta, sitinapatsidwe umboni uliwonse. Mndandanda wa mavocha onse 14 uli kumapeto kwa lipotili."

Onani mawu akuti "sitinapatsidwe" ndi "pofika pa 22 Epulo". Amenewa ndi amene amakutetezani. Malisiti akadzapezeka pa 30 Epulo, chiganizo chanu chikhalabe choona, chifukwa chikunena za tsiku limene munatseka ntchito. Mukalemba kuti "malisiti kulibe", mwanena chinthu chimene simungachitsimikize. Onaninso kuti ndanena mmene mavocha anasankhidwira. Mavocha 14 pa 60 ndi pafupifupi 23 pa 100 aliwonse, ndipo wina mu bodi angafune kuchulukitsa nambala imeneyi pa mavocha onse 212. Musalole zimenezo, ndipo inunso musachite, chifukwa munasankha dala malo amene vuto limakonda kubisala. Nambalayo ikunena za mavocha 60 okhawo.

Mndandanda wa kumapeto uja ukhale ndi nambala ya vocha, tsiku, ndalama, ntchito yake, udindo wa wolandira, ndi umboni wina umene mwapeza kapena simunapeze. M'kati mwa lipoti tchulani maudindo, monga "alangizi a kumunda" kapena "dalaivala". Maina a anthu akhale m'fayilo yanu ya ntchito. Lipoti limayenda m'manja mwa anthu ambiri, ndipo pa malo ang'ono ngati Bvumbwe, dzina la munthu likalembedwa pafupi ndi mawu oti ndalama, madzulo ake lili pamsika.

Tifike pa gwero, pamene pali ntchito yaikulu. Mawu ngati "kusasamala", "kusatsatira ndondomeko" kapena "kufooka kwa kayendetsedwe" amangobwereza vuto lomwelo m'mawu ena. Kuti ndondomeko sinatsatidwe mwanena kale pamwambapa. Funso ndi lakuti, chinalola ndi chiyani kuti isatsatidwe kwa miyezi itatu popanda wozindikira? Njira yodziwira ngati mwapeza gwero lenileni ndi iyi: dzifunseni kuti, a akauntanti amenewa atachoka lero n'kubwera ena, vutoli litha? Ngati silitha, ndiye kuti gwero lili m'kachitidwe ka ntchito, ndipo muyenera kukumbabe.

Kukumba kwake ndi kutsatira vocha imodzi kuchokera pamene mlangizi wapempha ndalama mpaka pamene pepala lalowa m'fayilo. Khalani pansi ndi a kashiya, muwapemphe akuonetseni mmene amachitira. Pa ndalama za maulendo, chimene chimapezeka kawirikawiri ndi ichi: ndalama zikangoperekedwa, a akauntanti amazilemba nthawi yomweyo ngati zagwiritsidwa kale ntchito. Zimayenera kuyamba zalembedwa ngati ngongole ya wolandirayo, n'kudzafufutidwa akabweretsa malisiti. Zikalembedwa molakwika chotere, palibe buku limene limaonetsa kuti uje akadali ndi K320,000 yosafotokozedwa, choncho palibe womukumbutsa. Sabata yotsatira apemphanso za ulendo wina, a manijala asayinira, chifukwa pa fomu palibe malo ofunsa ngati zakale zinathetsedwa. Fufuzani zimenezi m'mabuku. Onani akaunti imene ndalamazo zinalowa, ndipo werengani kuti ndi angati analandira kachiwiri asanabweze zoyamba.

Pali zifukwa zina zimene ndi zenizeni kuno kwathu, ndipo odita wachilungamo amazimva. Mlangizi wopita kumapiri a ku Thekerani kapena ku Masambanjati amakwera kabaza wa njinga yamoto, amagula zakumwa za alimi pa okala, ndipo anthu amenewo alibe buku la malisiti. Ngati kopaletivi ilibe fomu yoti wolandira ndalama wotere asayinepo kapena kudinda chala, mlangizi sangabweretse chimene kulibe. Malisiti a pa malo omwetsera mafuta nawonso, aja otuluka m'kamakina, amafufutika akakhala padzuwa m'galimoto kapena akakhalitsa, mpaka kutsala kapepala koyera. Mukapeza kapepala kotere m'fayilo, musalembe kuti lisiti palibe. Lembani kuti lilipo koma silikuwerengeka. Zoterezi zili ndi mankhwala osiyana, n'chifukwa chake gwero liyenera kulondola.

Ndime ya gwero ingamveke chonchi:

"Ndalama za maulendo zimalembedwa ngati zogwiritsidwa kale ntchito pa tsiku loziperekera, ndipo palibe kaundula woonetsa amene sanabweze malisiti. Chifukwa cha ichi, alangizi atatu analandira ndalama za ulendo wina asanafotokoze za ulendo woyamba. Pa mafuta, dalaivala amapatsidwa ndalama za m'manja, ndipo palibe amene anapatsidwa udindo woyerekeza vocha ndi buku la galimoto. A akauntanti atsimikiza kachitidwe kameneka pa zokambirana za pa 15 Epulo. A manijala anena kuti malisiti ena anasokonekera posamutsa mafayilo, koma sitinathe kutsimikiza zimenezi."

Chiganizo chomalizacho chili ndi phunziro lake. Chimene mwatsimikiza nokha chilembeni ngati choona. Chimene mwangouzidwa chilembeni ndi mwini wake, kuti "a manijala anena kuti". Ndipo ngati pa mavocha ena gwero simunalipeze, nenani poyera kuti chifukwa chake sichinadziwike. Kulemba choncho si kulephera ntchito, ndipo a bodi akudalirani kwambiri kuposa mukanangodzaza mpatawo ndi maganizo anu.

Zotsatira zili ndi mbali ziwiri zimene zisasakanizidwe: zimene zachitika kale, ndi zimene zingachitike. Odita watsopano amakonda kulumphira pa zoopsa, kulemba kuti "izi zingabweretse kuba, katangale ndi kugwa kwa kopaletivi". Mawu amenewo angalembedwe pansi pa vuto lililonse, ndiye sauza a bodi kanthu. Yambani ndi chimene chilipo lero, chokhala ndi nambala:

"Kopaletivi singathe kuonetsa kuti K1,740,000 zinagwira ntchito ya alimi. Mabuku a miyezi itatuyi akuonetsa K1,920,000 ngati ndalama zogwiritsidwa ntchito pa maulendo, pomwe zimayenera kuoneka ngati ngongole za ogwira ntchito kufikira atazifotokoza. Ngati kachitidweka sikasintha, ndalama zotsala pa maulendo zingamakhale m'manja mwa anthu popanda wodziwa, ndipo mafuta angalipiridwe pa maulendo amene sanachitike. Maodita akunja akadzabwera kumapeto kwa chaka angakane kuvomereza malipirowa."

Mawu akuti "singathe kuonetsa" ndi olemera mokwanira. Mlimi amene ali mu bodi akumva bwino lomwe kuti ndalama zake zatuluka ndipo palibe pepala lonena kumene zapita, koma inu simunatchule munthu kuti wakuba. Zina muwonjezere pokhapokha zikukukhudzani. Ngati mbali ya ndalamazi inachokera ku bungwe lothandiza, onani mgwirizano, ndipo ngati ukutero lembani kuti bungwelo lingaitanitse ndalama zopanda umbonizo. Ngati kopaletivi inalembetsa msonkho wa VAT ku MRA, lembani kuti msonkho umene unalipidwa pa katundu wa kuhadiweya sungaitanitsidwe popanda lisiti lovomerezeka la msonkho. Ngati simunalembetse, mfundoyo isalowe.

Perekaninso mlingo wa vutoli malinga ndi mmene ofesi yanu imagawira, kaya lalikulu, lapakati kapena laling'ono, ndipo mupereke chifukwa m'chiganizo chimodzi. Kwa ine, ili ndi lalikulu. Chondichititsa kutero ndi chakuti njira yotulutsira ndalama ikadali yotseguka lero, ndipo K1,740,000 pa miyezi itatu si ndalama zochepa kwa alimi ang'onoang'ono.

Malangizo anu ayankhe gwero limene mwalemba, mfundo ndi mfundo. Mukalemba kuti "a manijala aonetsetse kuti malisiti onse akusungidwa", adzayankha kuti "tionetsetsa", ndipo chaka cha mawa mudzalembanso zomwezo. Lembani zinthu zoti munthu angathe kudzaziona kuti zachitika: olandira ndalama za mavocha 6 aja apatsidwe kalata yowapatsa tsiku loperekera umboni, zimene zikhalebe zopanda umboni zibwezedwe, a akauntanti atsegule kaundula wa ndalama za maulendo n'kuzilemba ngati ngongole, aliyense asalandire zina asanathetse zakale, pakhale fomu ya olandira ndalama opanda malisiti, ndipo malisiti a mafuta azijambulidwa pa fotokope tsiku lomwelo. Pa za kubweza, musalembe kuti "adulidwe pa malipiro a mwezi uno". Lamulo la ntchito la dziko lino la 2000 limaika malire pa zimene bwana angadule pa malipiro a wantchito, ndipo munthu ayenera kupatsidwa mpata wofotokoza mbali yake. Lembani kuti ndalamazo zibwezedwe motsatira malamulo a ntchito, njira yake asankhe ndi a manijala ndi a bodi. Odita akayamba kulamula yekha za chilango, walowa m'ntchito imene mawa ayenera kudzaiunika.

Tsopano yankho la a manijala. Ndime imeneyi ndi yawo. Musawalembere, ndipo musakonze mawu awo kuti amveke bwino kapena moipa. Atumizireni lipoti losamaliza, muwapatse masiku odziwika oyankhira, ndipo muwauze zinthu zinayi zimene yankho likhale nazo: akuvomereza kapena akukana, achita chiyani, achita ndani, pofika liti. Kukhala nawo pansi lipoti lisanapite ku bodi ndi ulemu woyenera, komanso kumakupulumutsani ngati penapake mwalakwitsa nambala. Mutha kuwauza kuti: "Bwana, sindikufuna kuti mukadzidzimuke nazo pamaso pa a bodi. Tiyeni tione limodzi mndandandawu, pamene ndaphonya mundikonze."

Zimene akunena panopa, zoti malisiti alipo awapeza, si yankho lathunthu, chifukwa mulibe tsiku, mulibe munthu, ndipo sizikukhudza gwero. Yankho lokwanira limaoneka chonchi:

"Tikuvomereza. A akauntanti alembera olandira ndalama za mavocha 6 pofika pa 29 Epulo, kuwapatsa mpaka pa 13 Meyi kuti apereke umboni. Zimene zikhale zopanda umboni tidzazipereka ku komiti ya zachuma pa msonkhano wa Meyi kuti igamule za kabwezedwe. Kaundula wa ndalama za maulendo ayamba pa 1 Meyi, woyang'anira ndi a akauntanti, ndipo a manijala azimuunika kumapeto kwa mwezi uliwonse."

Akakana kupitirira pa mawu awo aja, alembeni momwe alili, m'zizindikiro za mawu a munthu, ndipo pansi pake muike ndemanga yanu yaifupi, yopanda mkwiyo:

"Yankho la a manijala, 25 Epulo: 'Malisiti onse alipo, tiwapeza ndipo tiwapereka.' Ndemanga ya odita: Malisitiwa tinawapempha pa 8 Epulo ndipo pofika tsiku la lipotili sitinawalandire. Yankholi silinatchule tsiku lowaperekera, ndiponso silinanene kanthu pa za kaundula wa ndalama za maulendo. Zimene tapeza zikhala momwe zilili, ndipo tikupempha komiti ya zachuma kuti iike tsiku."

Akapanda kuyankha konse, lembani kuti lipoti losamaliza linaperekedwa pa tsiku lakuti ndipo yankho silinabwere pofika tsiku lakuti. Musasunge lipoti m'dirowa mwezi wathunthu podikira yankho, chifukwa kuchedwa kumeneko kumathandiza yekhayo amene sakufuna kuti a bodi adziwe. Akakana ndi zifukwa, monga kunena kuti ndime 6.4 sikhudza ndalama za kabaza, mverani bwino. Ngati akunena zoona, konzani. Ngati simukugwirizana nawo, mbali zonse ziwiri zilembedwe, a bodi aweruze.

Chotsala ndi chimene chichitike malisiti akayamba kubwera, ndipo ena abweradi. Lisiti lobwera mochedwa liunikeni mosamala kuposa limene munalipeza m'fayilo, popeza mabuku a malisiti opanda dzina amagulidwa m'sitolo iliyonse ya zolembera. Onani manambala ake. Malisiti a Januwale, Febuluwale ndi Malichi ochokera kwa wogulitsa mmodzi akakhala ndi manambala otsatizana, monga 0451, 0452, 0453, ndiye kuti mwina analembedwa tsiku limodzi, chifukwa sitolo yogulitsa tsiku ndi tsiku singakhale mwezi osadula lisiti lina pakati. Onani ngati dzanja ndi cholembera zili zofanana pa malisiti a ogulitsa osiyana. Onani ngati malita a mafuta akupitirira kukula kwa thanki ya galimotoyo, komanso ngati mtengo wa lita ukugwirizana ndi umene MERA inalengeza pa nthawiyo. Ndalama zikafanana ndendende ndi zimene munthu anapatsidwa, popanda chenje ngakhale K500, pa maulendo onse anayi, funsani. Kenako tsimikizani kwa wogulitsa mwini. Lisiti lachiwiri limene wogulitsa walemba pofuna kuthandiza si loipa, bola lilembedwe poyera kuti ndi lachiwiri, ndipo ligwirizane ndi kaboni ya m'buku lake.

Malisiti abwino akabwera lipoti lisanatuluke, tsitsani nambala ya zopanda umboni, koma nkhaniyo isafufutidwe. Lembani kuti "pa 26 Epulo tinalandira ndi kutsimikiza malisiti a mavocha 3 a kuhadiweya, okwana K780,000", musinthe mutu kuti unene K3,070,000, ndipo gwero ndi malangizo zikhale momwemo, chifukwa malipirowo anavomerezedwa ndi kusungidwa popanda malisiti, ndipo kaundula uja kulibebe. Apa ndi pamene mudzapanikizidwe kwambiri, kuti "poti tabweretsa, ingochotsani". Yankhani mwaulemu kuti mwalemba zoti abweretsa.

Koma mukaona zizindikiro zoti lisiti ndi lopeka, nkhaniyo isadikire lipoti la miyezi itatu, ndipo musakafunse nokha munthuyo maso ndi maso. Jambulani mavocha ndi malisitiwo, enieniwo muwasunge pokiyidwa, ndipo mulembere wapampando wa komiti imene mumapereka malipoti anu kalata yachinsinsi yonena zimene mwaona: "malisiti atatu a masiku osiyana ali ndi manambala otsatizana, ndipo wogulitsa wanena m'kalata kuti sanawalembe." Ngakhale m'kalata imeneyo mawu oti kuba asalowe. M'lipoti lalikulu mungolemba kuti mavocha akutiakuti aperekedwa ku komiti kuti afufuzidwe mwapadera.

Tsiku la 13 Meyi likadutsa, bwererani ku fayilo ndi mndandanda womwe uja. Pa vocha iliyonse lembani chimodzi mwa zitatu: umboni walandiridwa ndi kutsimikizidwa, ndalama zabwezedwa (ndi nambala ya lisiti la kopaletivi ndi tsiku limene zinalowa kubanki), kapena palibe chachitika. Pemphaninso kaundula watsopano uja, mutenge maulendo asanu a m'mwezi wa Meyi, muone ngati alipo amene walandira ndalama asanathetse zakale. Zotsatira za kuunikaku ndi zimene mupite nazo ku msonkhano wotsatira wa komiti, ndipo nkhaniyi muitseke pokhapokha mavocha onse 14 ali ndi yankho ndipo kaundulayo akugwiradi ntchito.